Mwana mmodzi, magiredi atatu: tiwerengera bwanji malikisi a mkati mwa teremu?

Madamu Chirwa: Madzulo abwino aphunzitsi nonse. Ndili ndi mutu waching'alang'ala kuno ku Luwinga, ndithandizeni malipoti asanatuluke Lachisanu. Pasukulu pathu lamulo ndi loti malikisi a mkati mwa teremu atenge 40, mayeso otsiriza atenge 60. Ine ndimaphunzitsa Bayoloje Fomu 3A, mnzanga ali ndi 3B. Mayeso tinapereka amodzi omwewo: oyamba anali pa 20, achiwiri pa 50, pulojekiti pa 30, otsiriza pa 100. Ndiye pali mtsikana wina anasamutsidwa kuchoka ku 3B kubwera kwanga teremu ili kumapeto, dzina lake n'kutsala m'mabuku onse awiri. Lero tikuyerekeza, kwa ine wapeza 57.8, kwa mnzanga 61. Mapepala ake ndi omwewo. Ndipo kwathu giredi imasintha pa 60. Walakwitsa ndani?

A Banda (Katoto): Tipatseni manambala ake madamu, tione tokha.

Madamu Chirwa: Oyamba 18 pa 20. Achiwiri 20 pa 50. Pulojekiti 24 pa 30. Otsiriza 55 pa 100.

A Banda (Katoto): Apa palibe nkhani. 20 ndi 50 ndi 30 zikukwana 100 ndendende. Mwana wapeza 18, 20 ndi 24, kuwonkhetsa ndi 62. Mukachulukitsa ndi 0.4 ndi 24.8. Otsiriza 55 kuchulukitsa ndi 0.6 ndi 33. Zonse pamodzi 57.8. Inuyo mwakhoza, mnzanuyo akabwereze Sitandade 6.

Madamu Chirwa: Kkkk musamutero, ndi mphunzitsi wabwino kuposa ine. Iye akuti anasandutsa chilichonse kukhala peresenti kaye: 90, 40 ndi 80. Avereji yake ndi 70, kuchulukitsa ndi 0.4 ndi 28, kuphatikiza 33 ndi 61. Nditayang'ana sindikuona pamene waphonya.

A Nyirenda: Sanaphonye masamu, inunso simunaphonye masamu. Mwasiyana pa chinthu chimene simunakambirane: pa 40 ija, mayeso oyamba atenga zingati, achiwiri zingati, pulojekiti zingati?

Mukangowonkhetsa malikisi monga achitira a Banda, mwagawa kale 40 ija osadziwa. Mayeso a pa 20 atenga 8, a pa 50 atenga 20, pulojekiti yatenga 12. Ndiye kuti mayeso achiwiri okha ali ndi theka la malikisi onse a mkati mwa teremu, chifukwa choti tsiku lomwe munkawakonza munali ndi mafunso ambiri basi. Mtsikanayu anagwa pa mayeso omwewo, n'chifukwa chake kwa inu watsika. Mnzanuyo, potenga avereji ya maperesenti, wanena kuti zitatuzi n'zofanana kulemera, chilichonse 13 ndi kanthu. Kamayeso ka mphindi 20 kakufanana ndi pulojekiti ya masabata atatu. Njira iliyonse mwa ziwirizi ili ndi chigamulo chobisika mkati.

Funso langa: dipatimenti yanu inalembapo chilichonse kumayambiriro kwa teremu?

Madamu Chirwa: Dikirani ndifufuze mu faelo.

Esnart: Pepani ndalowa mochedwa. Mukunena kuti malikisi a m'kalasi ayamba kuwerengedwa ku MANEB? Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4, musandiopseze usiku uno.

A Banda (Katoto): Ayi asisi, mtima m'malo. Tikunena za lipoti la teremu la pasukulu, lija makolo amasayina. Giredi ya MSCE, ija ya 1 mpaka 9, imachokera pa mayeso a MANEB.

Esnart: Oho, ndapuma.

Madamu Chirwa: Ndapeza! Manyazi andigwira. Zinalembedwa pa msonkhano wa sabata yoyamba, ine ndinalipo ndipo ndinasayina. Mayeso oyamba 10, achiwiri 15, pulojekiti 15, otsiriza 60.

A Nyirenda: Ndiye nonse awiri mwataya njira, koma yankho lilipo tsopano. Chilichonse muchite chimodzimodzi: zomwe mwana wapeza, gawani ndi malikisi onse a pepalalo, kenako chulukitsani ndi kulemera kwake.

Oyamba: 18 kugawa ndi 20 ndi 0.9, kuchulukitsa ndi 10 ndi 9. Achiwiri: 20 kugawa ndi 50 ndi 0.4, kuchulukitsa ndi 15 ndi 6. Pulojekiti: 24 kugawa ndi 30 ndi 0.8, kuchulukitsa ndi 15 ndi 12. Mkati mwa teremu wapeza 27 pa 40. Kuphatikiza 33 ya mayeso otsiriza, ndi 60 ndendende. Mwanayo wadutsa malire aja, ndipo mukanamulanda giredi ndi 57.8 yanuyo.

Koma chachikulu si mtsikanayu ayi. Ana onse a 3A ndi onse a 3B awerengeredwa mosiyana. Iyeyu wangokhala ngati tochi yowalira pa dzenje. Muyenera kubwereza makalasi onse awiri.

Madamu Chirwa: Ana 68 kwa ine, 71 kwa mnzanga. Lachisanu. Mayo ine.

A Banda (Katoto): Koma a Nyirenda, tisathamange. Ine ndakhala ndikuwonkhetsa chonchi zaka 9 palibe kholo linabwerapo kudzadandaula. Pepala lalitali liyenera kulemera kwambiri, si choncho? Mwana watuluka thukuta ola lathunthu.

A Nyirenda: Pamenepo ndikugwirizana nanu theka. Ngati mwasankha dala kuti pepala la pa 50 likhale ndi mphamvu yoposa kawiri pepala la pa 20, kuwonkhetsa n'kolondola, palibe mlandu. Vuto limabwera pamene kutalika kwa pepala kwabwera mwangozi. Teremu ino a pa 50, teremu ya mawa pepala losindikizira lachepa mwapereka a pa 25, ndipo kulemera kwasintha inu osauza aliyense. Zoti makolo sanadandaule, adandaula bwanji pomwe amangoona nambala imodzi pa lipoti?

A Banda (Katoto): Za pepala kuchepa mwandilasa. Zinandichitikiradi chaka chatha.

Tiyamike: Madamu, ngati muli ndi laputopu musavutike ndi kakyuleta. Ine ndimasunga pa Excel motere. Mzere woyamba mitu: nambala ya mwana mu A, dzina mu B, kenako C, D, E, F mayeso anayi aja. Mzere wachiwiri ndimalemba malikisi onse a pepala: 20, 50, 30, 100. Mzere wachitatu kulemera: 10, 15, 15, 60. Ana amayambira mzere wachinayi. Mu G4 lembani izi, kenako kokerani pansi mpaka mwana womaliza:

```
=C4/C$2*C$3+D4/D$2*D$3+E4/E$2*E$3+F4/F$2*F$3
```

Ubwino wake ndi woti 20 kapena 15 simuzilemba mkati mwa fomula. Ahedi akadzuka mawa n'kunena kuti pulojekiti ikhale 20, mayeso oyamba 5, mumangosintha timabokosi tiwiri pamwamba, kalasi yonse yasintha.

Madamu Chirwa: Tizizindikiro ta dola timeneti n'tofunika? Ndimationa ngati zokongoletsa.

Tiyamike: Musatisiye chonde. Ndi timene timagwira mzere 2 ndi 3 kuti isayende pamene mukukoka. Mukatisiya, mwana woyamba amatuluka bwino, koma wachiwiri malikisi ake amagawidwa ndi mzere wachitatu n'kuchulukitsidwa ndi malikisi a mnzake wapamwamba. Nthawi zina nambala yotuluka imaoneka ngati yabwinobwino, 47 kapena 63, simungakaike n'komwe.

Ine ndimachita kaukathyali aka. Pansi penipeni pa mndandanda ndimaika ana awiri abodza. Wina ndimamupatsa zonse: 20, 50, 30, 100. Ayenera kupeza 100. Wina theka: 10, 25, 15, 50. Ayenera kupeza 50. Akapeza zina, fomula yathyoka penapake, kapena kulemera sikukukwana 100. Mungokumbukira kuti awiriwa asalowe mu avereji ya kalasi kapena pa mapozishoni. Ine ndinaiwala kamodzi, nambala wani wa kalasi anali "Yesero Woyamba", ana kumafunsana kuti ameneyu amakhala desiki iti.

Esnart: Kkkkk ameneyo akanalandira mphatso pa tsiku lotsekera.

Mayi Gondwe: Inu mukukamba za laputopu. Ine ndili ku pulaimale mbali ya Mchengautuba, Sitandade 7, ana oposa 100. Laputopu yanga ndi buku la hadikava lomwe ndinalemba mizere ndi rula, ndipo nyengo yamvula ino ndimayenda nalo mu jumbo. Kugawa ndi kuchulukitsa kanayi pa mwana aliyense, phunziro lililonse, ndigona liti?

A Nyirenda: Mayi, kwa inu mankhwala ali pokonza pepala, osati powerengera. Ngati mayeso akuyenera kulemera 10, akonzeni akhale pa 10 kapena pa 20. A kulemera 15 akhale pa 15 kapena pa 30. Otsiriza akhale pa 60 kapena pa 120. Mukasankha kuti onse akhale owirikiza kawiri, ndiye kuti 20, 30, 30 ndi 120, mumangowonkhetsa zonse monga amachitira a Banda n'kugawa ndi 2 kamodzi kokha pamapeto. Zonse pamodzi ndi 200, theka lake 100. Kuwonkhetsa kumakhala kolondola pamene mapepala anakonzedwa motsatira kulemera.

A Banda (Katoto): Mwaona? Njira yanga yauka kwa akufa.

Mayi Gondwe: Yewo a Nyirenda. Koma mayeso otsiriza ambiri amabwera okonzedwa kale ku zoni, sitisankha tokha kuti akhale pa zingati.

A Nyirenda: Ndiye amenewo okha muwachulukitse, enawo akhale okonzeka kale. Ngati ali pa 100, lembani katebulo kamodzi kuchikuto kwa buku: 50 ndi 30, 51 ndi 30.6, 52 ndi 31.2, mpaka mmwamba. Muzingoyang'anapo.

Madamu Chirwa: Ndalowetsa manambala, zikuyenda. Koma ndagunda mwala wina. Mnyamata wina sanalembe mayeso achiwiri. Anali ndi malungo, mayi ake anabwera ndi buku la kuchipatala, ndinaliona ndi maso anga. Oyamba 16 pa 20, pulojekiti 21 pa 30, otsiriza 50. Kabokosi kake ndakasiya kopanda kanthu, ndipo Excel ikuti 48.5. Kwathu kukhoza kumayambira 50. Mwana ameneyu alephere chifukwa cha udzudzu?

Tiyamike: Ndi msampha wa fomula imeneyo. Kabokosi kopanda kanthu imakatenga ngati ziro, mwakachetechete. Chodabwitsa n'choti `AVERAGE` imachita zosiyana, imadumpha kabokosi kopanda kanthu. Ndiye aphunzitsi awiri, wina ndi fomula yanga wina ndi `AVERAGE`, mwana wodwala yemweyo wina amulanga wina amukhululukira, onse osadziwa kuti agamula mlandu.

Ine ndimalemba `ABS` mmenemo, kutanthauza kuti mwana sanabwere. Fomula imakuwa `#VALUE!` pa mzere wa mwanayo, ndipo ndimakonda choncho, chifukwa sindingasindikize lipoti ndisanaganize za iye. Ziro ndimalemba kwa amene analemba n'kupeza ziro, kapena anathawa dala.

A Nyirenda: Tiwerenge za mnyamatayu. Oyamba wapeza 8 pa 10, pulojekiti 10.5 pa 15. Ndiye ali ndi 18.5 pa 25 yomwe anali ndi mwayi wolembera. Mukaika ziro, ndi 18.5 kuphatikiza 30, ija 48.5. Mukakweza 18.5 pa 25 kuti ikhale pa 40, ndi 29.6, kuphatikiza 30 ndi 59.6. Njira yachitatu ndi kutenga zonse analemba, 48.5 pa 85, n'kuzikweza kufika pa 100, zikupereka 57.1. Kuchokera pa 48.5 kufika pa 59.6, malikisi 11, mwana yemweyo, mapepala omwewo.

Ine ndikadasankha yachiwiri, chifukwa ikusunga 40 ndi 60 monga lamulo la sukulu likunenera. Yachitatu imakankhira kulemera kwa mayeso osowawo kumayeso otsirizanso, amakhala ndi mphamvu yoposa 70 kwa mwana ameneyu yekha.

A Banda (Katoto): Apa ndiye ndikukana poyera. Madamu, avereji ya kalasi pa mayeso achiwiriwo inali bwanji?

Madamu Chirwa: Inali yoipa. 21 pa 50. Anali a jenetikisi, ana anamira.

A Banda (Katoto): Ndi zimenezo. Anzake omwe anabwera n'kulimbana nawo anapeza pafupifupi 6 pa 15. Inu a Nyirenda mukumupatsa wodwalayo 11.1 pa 15, pa pepala lomwe sanalione n'komwe. Mtsikana uja wa 18 pa 20 anamuposa pa mayeso oyamba, anamuposa pa pulojekiti, anamuposa pa otsiriza ndi 5, koma akutha ndi 60 pomwe mnyamatayu 59.6. Chilungamo chili pati? Ndipo ana a Fomu 3 si opusa. Akangodziwa, teremu ya mawa tsiku la jenetikisi theka la kalasi lidzadwala mutu.

A Nyirenda: Mwandigwira pamenepo, sindikana. Kukweza kumaganiza kuti pepala losowalo linali lofanana kuvuta ndi enawo, ndipo apa silinali. Pali ena amayang'ana kuti mwanayo amakhala pamwamba pa avereji ya kalasi ndi zingati m'mapepala ena, n'kumupatsa chimodzimodzi pa pepala losowalo. N'zachilungamo kuposa, koma kafotokozereni kholo pa khonde la ofesi muone.

Mayi Gondwe: Bwanji osangomulembetsa ena? Ife timatero. Mwana akachira, timukhazika mu ofesi nthawi ya buleki.

A Banda (Katoto): Pepala lomwelo ayi, anzake anamuuza kale mayankho. Lina la mutu womwewo.

Madamu Chirwa: Zikanatheka mwezi watha. Pano kwatsala masiku atatu, ndipo ine ndi amene ndinaiwala kumuitana. Mlandu ndi wanga, osati wa mwana.

Tiyamike: Chilichonse musankhe, musafufute `ABS` n'kulembapo nambala yongoganizira ngati kuti analemba. Onjezani kolamu ya ndemanga, mulembe kuti anadwala, umboni munauona tsiku lakuti, mwawerengera mwanjira yakuti. Chaka chamawa wina akadzatenga kalasiyo adzadziwe.

Ndipo poti mwatchula 59.6, samalani ndi izi. Mukauza Excel kuti isaonetse madesimo, pa sikirini pamaoneka 60, koma mkati ikadali 59.6. Fomula ya giredi yofuna 60 imukana, lipoti n'kutuluka lolembedwa 60 koma ndi giredi ya pansi. Kholo likabwera mulibe choyankha. Ikani kolamu H ndipo giredi ichokere pamenepo:

```
=ROUND(G4,0)
```

Muchite zimenezi kamodzi, pamapeto. Mukamazungulitsa gawo lililonse palokha, 10.5 kukhala 11 ndi zina zotero, timatheka timeneto pa magawo anayi tikhoza kukwana malikisi awiri aulere.

A Banda (Katoto): Ndiye mnyamata wa malungo ndi mtsikana uja onse 60. Ndanena ine.

Esnart: Ine funso langa ndi la pulojekiti. Mwana wa achemwali uja amati ya pagulu aliyense amapeza chimodzimodzi, ngakhale amene anangobweretsa dzina.

Madamu Chirwa: Musandikumbutse. Yathu inali yosonkhanitsa masamba ndi kuwaika m'magulu. Gulu lina linabwera ndi tchati chokongola, masamba a mapeyala ndi a nthochi omatidwa bwino ndi selotepi, zolemba zonse dzanja limodzi la mtsikana mmodzi. Anyamata atatu a m'gululo ndikuwafunsa kuti tsamba ili mitsempha yake yayenda bwanji, akuyang'ana kudenga. Onse ndinawapatsa 26. Kalasi yonse ili pakati pa 21 ndi 27.

A Nyirenda: Zimenezo zikutanthauza kuti pulojekiti, ngakhale pa pepala ikulemera 15, pa kusiyanitsa ana ikugwira ntchito ya malikisi atatu okha. Wotsika wapeza 10.5, wapamwamba 13.5. Ena onsewo ndi mphatso ya aliyense. Pomwe mayeso achiwiri, olemeranso 15, ngati ana ayambira 5 kufika 45 pa 50, akusiyanitsa ndi malikisi 12. Si fomula ingakonze zimenezo. Teremu ya mawa gawani pulojekiti pawiri: 20 za ntchito ya gulu, 10 za mafunso awiri atatu omwe mufunse mwana aliyense payekha.

A Banda (Katoto): Ana 68, aliyense payekha. Mukatero silabasi mumaliza Disembala wa chaka chamawa.

A Nyirenda: Kapepala ka mphindi zisanu kalasi yonse nthawi imodzi, a Banda. Sindinati muwaitanire ku ofesi mmodzimmodzi.

Tiyamike: Chomaliza kwa ine, batire yatsala 6 peresenti ndipo magetsi kuno ku Chibavi anapita masana. Musanasindikize, tolani mapepala asanu mwachisawawa muyerekeze ndi zomwe zili pa sikirini. Mnzanga wina anachita `Sort` pa kolamu ya mayina yokha kuti akhale mwa alifabeti, malikisi n'kutsala pomwe anali. Zinadziwika chifukwa mwana yemwe sanatsikepo pa 80 anatuluka ndi 31 n'kubwera akulira ndi pepala lake m'manja. Ndipo 81 m'malo mwa 18 pa pepala la pa 20 imagwidwa ndi `Data Validation`, muike malire kuyambira 0 kufika pa nambala ya mzere wachiwiri. Musankhe `Warning` osati `Stop`, apo ayi ikukanizani kulemba `ABS`.

Madamu Chirwa: Zikomo nonse. 3A ndamaliza, ana abodza apeza 100 ndi 50. Ana 9 asintha giredi poyerekeza ndi mawerengedwe anga akale, 7 akwera, 2 atsika. Faelo ndamutumizira mnzanga alowetse 3B, akuti kwake ambiri atsika ndipo sakusangalala. Za mnyamata wa malungo ndalembera mkulu wa dipatimenti manambala onse atatu, 48.5, 57.1 ndi 59.6, agamule ndi iwo mawa pa buleki.

A Banda (Katoto): Muwauzenso ya chinayi: Lachinayi masana, mafunso khumi a jenetikisi, ine ndikutumizirani anga a chaka chatha usiku uno. Kuchonga pepala limodzi ndi mphindi khumi.

Mayi Gondwe: Mwana wadziwa liti kuti alemba? Mumupatse tsiku limodzi awerenge?

Madamu Chirwa: Anzake anali ndi sabata yathunthu. Tumizanibe a Banda, ndikawaonetse akuluwo.